"Talandira dandaulo lanu": mawuwa amatanthauza chiyani, nanga yankho lenileni limabwera liti?

Tiyerekeze kuti mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzinda wa Leeds ku Britain watumiza mapaundi 200 kwa mayi ake ku Dedza kudzera ku kampani yotumiza ndalama. Ku akaunti yake ndalama zachoka, koma pa foni ya gogo ku Dedza palibe chalowa. Gogo apita kawiri kwa ajenti pa msika ndipo abwerako chimanjamanja. Lolemba pa 1 Seputembala 2025 mwana wawo uja alembera kampaniyo kudandaula, ndipo pasanathe mphindi imodzi uthenga ukulowa wonena kuti dandaulo lalandiridwa.

Ambiri amasokonezeka akalandira uthenga wotere. Ena amayesa kuti nkhani yatha ndipo ndalama zibwera mawa, pomwe ena amati ndi makina chabe ongofuna kuwatseka pakamwa. Pali zinthu zitatu zomwe zimamveka ngati chimodzi koma ndi zosiyana, ndipo uthengawo umamveka bwino tikazilekanitsa: kuvomereza kuti dandaulo lafika, kulonjeza tsiku la yankho, ndi yankho lomaliza. Nkhani ya mayiyu ikuchitikira ku Britain, komwe malamulo a zimenezi analembedwa mwatsatanetsatane, choncho titsatira malamulo a kumeneko n'kumayerekeza ndi a kwina pomwe pakufunika.

Dandaulo n'chiyani, ndipo masiku amayamba kuwerengedwa liti?

Bungwe loyang'anira mabanki ndi makampani a zandalama ku Britain, la Financial Conduct Authority, limatanthauzira dandaulo motambasuka. Dandaulo ndi mawu alionse, olankhula kapena olemba, osonyeza kusakhutira ndi ntchito ya kampani, pomwe munthuyo akunena kuti wataya ndalama, wavutika mumtima kapena wasokonezedwa kwambiri. Munthuyo angakhale akulondola kapena akulakwitsa, ndi dandaulo basi, ndipo safunikira kutchula liwu loti "dandaulo" kapena kulemba pa fomu yapadera.

Tanthauzoli lili ndi ntchito yaikulu chifukwa ndilo limayambitsa kuwerenga masiku. Mayi wa ku Leeds akanaimba foni n'kuuza wogwira ntchito woyamba kuyankha kuti ndalama zake zasowa ndipo wakhumudwa, masiku akanayamba kuwerengedwa kuchokera pomwe kampani yamva, ngakhale nkhaniyo itatenga masiku anayi isanafike ku ofesi ya madandaulo. Makampani ambiri amalakwitsa pamenepa. Woyankha foni amalemba nkhaniyo ngati funso wamba, kenaka pakapita sabata wina n'kuzindikira kuti linali dandaulo, masiku asanu atapita kale pachabe.

Zili ngati munthu wofika ndi mlandu kwa mfumu n'kupeza nyakwawa pakhomo. Akaifotokozera nyakwawayo, mlandu walowa m'bwalo, ndipo mfumu singanene mawa kuti sinamve chifukwa inali kudimba.

Kuvomereza kuti dandaulo lafika

Lamulo la ku Britain limati kampani ikalandira dandaulo itumize msanga kalata yotsimikizira munthuyo kuti lalandiridwa ndipo likuonedwa, kenaka izimudziwitsa momwe zikuyendera. Kalatayi sinena kuti kampani yalakwa kapena kuti sinalakwe. Ili ngati risiti ya kuchigayo yosonyeza kuti thumba lanu lalandiridwa ndipo lili pamzere, ufa usanatuluke.

Kale lamuloli linkatchula nambala. Kampani inkayenera kuvomereza m'masiku asanu ogwira ntchito, n'kulembanso pakatha masabata anayi. Mu 2007 nambala zimenezi zinachotsedwa ndipo panatsala liwu loti "msanga". Ku Australia anasankha njira ina. Malangizo a bungwe lawo loyang'anira makampani a zandalama, la ASIC, omwe anayamba kugwira ntchito pa 5 Okutobala 2021, amati kampani ivomereze m'maola 24, kapena tsiku limodzi logwira ntchito, kapena mwamsanga momwe zingathekere, ndipo ingachite zimenezi pakamwa kapena polemba. Zipatala za boma ku England zimapatsidwa masiku atatu ogwira ntchito, malinga ndi malamulo a 2009. Makampani a ndege ku America ali ndi masiku 30 oti avomereze dandaulo lolembedwa ndi masiku 60 oti ayankhe. Kusiyana konseku kukusonyeza kuti palibe nambala imodzi yomwe dziko lonse linagwirizana.

Kuvomereza kumafunika kuchitika msanga pomwe yankho lisanapezeke, pa zifukwa ziwiri. Choyamba chili kwa wodandaula: munthu amene sakudziwa ngati uthenga wake wafika amayamba kuganiza zoipa, ndipo usiku umamutalikira. Chachiwiri chili mu ofesi momwemo. Mayi uja akapanda kumva kanthu Lolemba, Lachiwiri aimba foni, Lachitatu alembanso imelo, Lachinayi apempha mchimwene wake kuti naye aimbe. Nkhani imodzi yalembedwa kanayi, mwina m'manja mwa anthu anayi osiyana, aliyense ndi nambala yake. Ogwira ntchito amathera nthawi poyankha funso loti "mwalandira?" m'malo mofufuza komwe ndalama zakakamira, ndipo mzere umatalika kwa aliyense.

Pali uthenga wa makina ndi uthenga wa munthu, ndipo kusiyana kwake kumaonekera pa chinthu chimodzi: kodi uthengawo wabwereza nkhani yanu? Uthenga umene mayi uja analandira pasanathe mphindi ukungotsimikiza kuti imelo yafika pa kompyuta ya kampani. Umenewo uli ndi phindu lake, makamaka ngati uli ndi nambala ya dandaulo. Koma kuvomereza kokwanira kumaoneka motere, tikakulemba m'Chichewa:

"Mayi, talandira dandaulo lanu la pa 1 Seputembala lokhudza mapaundi 200 omwe munatumiza ku Malawi pa 28 Ogasiti koma sanafike pa foni ya wolandira. Pepani chifukwa cha nkhawa imene nkhaniyi yakubweretserani. Nambala ya dandaulo lanu ndi 4471, ndipo ine ndi amene ndikuliyendetsa. Lero tafunsa kampani yomwe imatithandiza kupereka ndalama ku Malawi kuti itiuze pomwe ndalamazo zaima. Chonde titumizireni chithunzi cha uthenga umene munalandira potumiza. Ndikulemberani pofika Lachisanu pa 5 Seputembala kukuuzani zomwe tapeza, ngakhale nkhani itakhala isanathe. Yankho lathunthu mudzalandira pasanadutse Lolemba pa 22 Seputembala."

Chiganizo choyambacho, chobwereza nkhani, chimagwira ntchito yomwe ambiri saiona. Ngati kampani yamva molakwika, mwachitsanzo yayesa kuti mayiyu akudandaula za mtengo wosinthira ndalama, iye aona pomwepo n'kukonza tsiku loyamba, m'malo modikira masabata atatu kuti alandire yankho la funso lomwe sanafunse. Pempho la chithunzi nalonso lili pamalo pake. Kupempha umboni pa tsiku la 12 kumasonyeza kuti palibe amene anatsegula nkhaniyo masiku 11 onse.

Mawu oti "pepani" amawaopa ena ogwira ntchito, poganiza kuti kupepesa n'kuvomera mlandu. M'kalatamu kupepesako kuli pa nkhawa ya mayiyo, yomwe ndi yoona kaya wolakwa ndi ndani. Ndi "pepani" yemweyo amene timanena kwa munthu amene wapunthwa pamsewu ife tisanamukankhe.

Tsiku lolonjezedwa

Lonjezo la nthawi ndi gawo lomwe limasiyanitsa kalata yothandiza ndi kalata yongotonthoza. Aliyense amene anakhalapo m'minibasi pa depoti akudziwa kusiyana kwa kondakitala wonena kuti "tinyamuka pompano" ndi basi yomwe yalemba kuti inyamuka 7 koloko. Ola lomwelo limapiririka ukadziwa mapeto ake, chifukwa ungathe kupita kukagula nthochi n'kubwerera. "Posachedwa" ndi "mwamsanga momwe tingathere" ndi "pompano" wa kondakitala uja. Munthu sangakonzerepo kanthu, ndipo sangadziwe tsiku lomwe ayenera kuyamba kufunsa.

M'kalata ija muli masiku awiri, ndipo amachokera kosiyana.

Tsiku la 22 Seputembala likuchokera ku lamulo. Kuyambira pa 13 Januwale 2018, madandaulo ambiri okhudza kulipira ndi kutumiza ndalama ku Britain ayenera kuyankhidwa m'masiku 15 ogwira ntchito. Kwa kampani yosagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, kuwerenga kumayamba Lachiwiri pa 2 Seputembala, ndipo tsiku la 15 limagwa Lolemba pa 22. Madandaulo ena a zandalama, monga a inshuwalansi kapena ngongole, ali ndi masabata 8, omwe pa nkhani yathuyi akanafika pa 27 Okutobala. Apa n'pofunika kusamala, chifukwa masiku 15 ogwira ntchito ndi masabata atatu athunthu, pomwe masiku 30 omwe makampani a ku Australia amapatsidwa kuti ayankhe amawerengedwa pa kalendala, Loweruka ndi Lamlungu momwemo. Kalata yabwino imamuchotsera kasitomala masamu amenewa pongolemba tsiku ndi deti.

Tsiku la 5 Seputembala silichokera ku lamulo lililonse. Limachokera ku ntchito yeniyeni ya mu ofesi, ndipo kalondolondo wake ndi wosavuta. Tiyerekeze kuti pamzere pali madandaulo 36, ogwira ntchito ndi atatu, ndipo aliyense amamaliza anayi patsiku. Ofesi imamaliza 12 patsiku, kotero dandaulo latsopano lifikiridwa pakatha masiku atatu, Lachinayi. Ngati kampani ya ku Malawi ija imayankha kawirikawiri m'masiku awiri kapena atatu, ndipo funso latumizidwa Lolemba lomwelo m'malo modikira kuti nkhani ifike pamzere, yankho lake lidzakhala lilipo pofika Lachinayi. Kuwonjezerapo tsiku limodzi la zogwa mwadzidzidzi kukutipatsa Lachisanu. Woyang'anira ofesi amene sadziwa kutalika kwa mzere wake sangalonjeze tsiku loona, angangoponya nambala.

Pali njira ziwiri zolakwira pa lonjezoli. Yoyamba ndi ya telala amene amauza aliyense kuti "mubwere mawa" pofuna kuti kasitomala achoke akusekerera. Wogwira ntchito amene akukalipiridwa pa foni amakopeka kunena kuti zitheka m'maola 24, kuti mkwiyo uzizire. Maola 24 akatha popanda kanthu, kasitomala amakhala ndi madandaulo awiri, la ndalama ndi la kunamizidwa, ndipo lachiwirili limapweteka kuposa loyamba chifukwa tsopano sakhulupiriranso tsiku lina lililonse. Yachiwiri ndi kubisala kuseri kwa lamulo: kulembera aliyense kuti ayankhidwa m'masabata 8, ngakhale nkhani yake ili yoti ingathe Lachitatu. Lonjezo lotere silisweka, komanso silimuuza munthu chilichonse chokhudza nkhani yake. Malire a lamulo ndi tsiku lomaliza lomwe kampani singapyole, ndipo sanaikidwe kuti dandaulo lililonse lizidikira mpaka kufika pamenepo.

Ine ndimaona kuti mawu ofunika kwambiri m'kalata ija ndi akuti "ngakhale nkhani itakhala isanathe". Wolembayo walonjeza chinthu chomwe chili m'manja mwake, kulemba Lachisanu. Sanalonjeze kuti ndalama zidzakhala zitafika, chifukwa zimenezo zikudalira anthu ena omwe iye sawalamulira.

Pamene tsiku lafika koma yankho palibe

Tiyerekeze kuti Lachisanu lafika ndipo kampani ya ku Malawi sinayankhe. Wogwira ntchito ali ndi chiyeso chongokhala chete mpaka apeze chonena. Koma kwa mayi uja, kukhala chete Lachisanu kukutanthauza kuti waiwalika. Uthenga waufupi umakwanira: ndalama zinatuluka kwa ife pa 28 Ogasiti, sizinalowe pa foni ya wolandira, tikudikira anzathu atsimikize ngati nambala ya foni inalembedwa bwino, ndipo ndilembanso Lachitatu pa 10. Uthenga wochedwetsa uyenera kufika tsiku lolonjezedwa lisanathe. Ukafika pambuyo pake, lonjezo limakhala litasweka kale.

Lamulo nalo lili ndi kalata yake ya kuchedwa. Ngati pa zifukwa zapadera zomwe kampani singazilamulire yankho silingatheke m'masiku 15 aja, kampani iyenera kulemba pofika tsikulo, kufotokoza momveka chifukwa chake, ndi kutchula tsiku lomwe yankho lidzabwere. Tsiku latsopanolo lisapyole masiku 35 ogwira ntchito kuchokera pomwe dandaulo linafika, lomwe pa nkhani yathuyi ndi Lolemba pa 20 Okutobala. Pa madandaulo a masabata 8, nthawiyo ikatha kampani iyenera kufotokoza chifukwa chomwe yalepherera, kunena nthawi yomwe ikuyembekeza kuyankha, ndi kumuuza munthuyo kuti tsopano ali ndi ufulu wopita kwina.

Kwinako ndi ku Financial Ombudsman Service, ofesi yodziimira payokha yomwe inayamba ntchito mu 2001 ndipo imaweruza mikangano ya makasitomala ndi makampani a zandalama popanda kasitomala kulipira. Apa m'pamene kalata yoyamba ija imaonetsera mphamvu yake. Deti lomwe lili pamenepo ndi umboni wa tsiku lomwe kuwerenga kunayamba. Munthu amene anangodandaula pa foni, osapatsidwa nambala kapena kalata, amavutika kusonyeza kuti nthawi ya kampani yatha. Kuno kwathu njira imafanana pa mfundo yake: munthu amayamba wadandaula ku banki kapena ku kampani ya inshuwalansi komweko, ndipo akapanda kukhutira amatha kupita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Kumenekonso chinthu chothandiza kukhala nacho m'manja ndi chosonyeza tsiku lomwe munadandaula ndi zomwe anakuyankhani.

Yankho lomaliza, ndi njira yachidule

Yankho lomaliza ndi kalata yomwe kampani imanena maganizo ake: yavomereza dandaulo ndipo ikonza motere, kapena ipereka kenakake popanda kuvomera kulakwa, kapena yakana pa zifukwa izi. Ku Britain kalatayi iyenera kutchula ufulu wopita kwa Ombudsman, ndipo munthu amakhala ndi miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pa deti la kalatayo. Ngati kalata yomwe mwalandira sinene maganizo a kampani pa nkhani yanu, ndiye kuti sinali yomaliza, ngakhale italembedwa mwaulemu wotani.

Pali njira yachidule ya nkhani zosavuta. Kuyambira pa 30 Juni 2016, dandaulo likathetsedwa pofika kumapeto kwa tsiku lachitatu logwira ntchito, ndipo kasitomala wavomereza kuti wakhutira, kampani imangotumiza kalata yaifupi yonena kuti ikuona kuti nkhani yatha, n'kumukumbutsa za Ombudsman. Kale malire a njira imeneyi anali tsiku limodzi lotsatira. Ndalama za gogo zikanalowa Lachitatu pa 3 Seputembala, mayi uja n'kunena kuti zili bwino, nkhani ikanathera pamenepo.

Mafunso omwe akadali otseguka

Funso loyamba ndi loti lamulo litchule nambala ya masiku ovomereza kapena ayi. Okonda njira ya ku Australia amati nambala imayezeka, kasitomala amadziwa choti ayembekeze ndipo woyang'anira amadziwa choti afufuze. Okonda liwu loti "msanga" amati nambala imasanduka chandamale: ukanena masiku asanu, makalata onse amatuluka tsiku lachisanu, kuphatikizapo a munthu amene akaunti yake yatsekedwa ndipo alibe chogulira chakudya lero.

Lachiwiri ndi la uthenga wa makina. Umafika nthawi yomweyo, usiku ndi Lamlungu lomwe, ndipo suiwala munthu. Komanso ungachititse kampani kulemba m'mabuku ake kuti inavomereza madandaulo onse panthawi yake pomwe palibe munthu amene wawerenga n'limodzi lomwe. Kodi uthenga wotere uziwerengedwa ngati kuvomereza kokwanira, kapena pafunika wachiwiri wosonyeza kuti wina wamva nkhaniyo? Ndipo kampani yolandira madandaulo zikwi zambiri pamwezi ingakwanitse wachiwiriwo popanda kuchotsa anthu pa ntchito yofufuza?

Lachitatu ndi loti ndani asankhe tsiku. Malamulo a zipatala za ku England amafuna kuti povomereza dandaulo, chipatala chipereke mwayi wokambirana ndi wodandaulayo za momwe nkhaniyo iyendetsedwere ndi nthawi yomwe ingatenge. Makampani a zandalama amatsatira malire amodzi kwa aliyense. Kukambirana kumalemekeza kusiyana kwa nkhani, koma munthu wofatsa angavomere nthawi yaitali pomwe wolankhula mwamphamvu wapatsidwa yaifupi. Malire amodzi amateteza wofatsayo, koma sasiyanitsa nkhani ya tsiku limodzi ndi ya miyezi iwiri.

Lachinayi likukhudza kutalika kwa nthawi. Australia inatsitsa malire a madandaulo ambiri kuchoka pa masiku 45 kufika pa 30, ndipo Britain inapatsa nkhani za kutumiza ndalama nthawi yaifupi kuposa zina. Ena amati nthawi yaifupi imakakamiza makampani kulemba anthu okwanira. Ena amaopa kuti imabala mayankho othamanga, okana dandaulo pongofuna kukwanitsa deti, nkhani n'kukathera kwa Ombudsman komwe munthu akadikirenso.

Lomaliza likuoneka bwino pa nkhani ya gogo a ku Dedza. Makalata onsewa akupita kwa mwana wawo ku Leeds, chifukwa iye ndiye kasitomala wa kampaniyo ndipo malamulo a ku Britain akuteteza iyeyo. Koma amene akuyenda ulendo wa kwa ajenti, amene wakongola sopo ndi shuga pa okala podalira ndalamazo, ndi gogo, ndipo palibe amene wawalonjeza tsiku. Ndalama zikamadutsa m'makampani awiri kapena atatu a m'maiko osiyana, aliyense ali ndi malamulo ake ndi kawerengedwe kake ka masiku. Ndani ayenera kuuza wolandira kuti nkhani yake yamveka, m'chilankhulo chiti, ndipo tsiku lomwe angapatsidwe lingachokere kwa ndani?